Kusandutsa masiku kukhala masabata pa ndandanda ya ntchito yomanga

Mu Ogasiti 2025 alongo anga aakulu anabwera kwathu ndi pepala lochokera kwa kapitawo amene anamupeza kuti awamangire nyumba ya zipinda zitatu pa puloti yawo ku Chalala, mu Lusaka. Papepalapo panalembedwa ndi bolopeni kuti kulambula malo ndi kukumba maziko ndi masiku 9, kumanga maziko mpaka kuthira silabu masiku 11, kudikira kuti silabu ilimbe masiku 7, kukweza makoma mpaka pa lintala masiku 16, denga masiku 8, pulasitala masiku 13. Iwo anali ataphatikiza kale zonse n'kupeza 64, kenako anagawa ndi 7 pafoni.

"Alongo, ndi masabata 9 ndi kanthu pang'ono," anatero. "Tikayamba pa 1 Seputembala, pofika pa 3 Novembala ndalowa. Ndiwauze eni nyumba ku Mtendere kuti lendi ya Okutobala ndi yomaliza, angondipirira masiku atatu okha."

Ndinawapempha kuti asawauze kaye. Masamu awo anali olondola, koma anagawa ndi nambala yolakwika, ndipo tsiku lenileni linali patsogolo ndi masiku 11. Ndakhala ndikuyang'anira ntchito zazing'ono zomanga mu Lusaka muno kwa nthawi ndithu, ndipo cholakwika ichi ndimakumana nacho kawirikawiri kuposa china chilichonse pa nkhani ya nthawi. Ndikufotokozerani mmene tinawerengera tsiku limenelo, sitepe ndi sitepe, pogwiritsa ntchito pepala lomwelo.

Choyamba: funsani kuti masikuwo ndi a mtundu wanji

Musanagawe chilichonse, dziwani kuti mawu oti "tsiku" pa ndandanda ya ntchito amaimira zinthu ziwiri. Pali masiku a pakalendala, amene amangoyenda osapuma, kaya ndi Lamlungu kaya ndi tchuthi. Palinso masiku ogwira ntchito, amene amawerengedwa pokhapokha anthu akabwera pamalo ndi zida zawo. Sabata ya pakalendala ili ndi masiku 7. Sabata yogwira ntchito ili ndi masiku amene gulu lanulo limagwiradi, 5 kapena 6, ndipo nambala imeneyo ndiyo yogawira.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Pa mzere uliwonse dzifunseni kuti, kodi chinthu ichi chimapitirira ngakhale palibe munthu pamalopo? Konkire imalimbabe Lamlungu. Katundu amene ali panjira amayendabe. Koma khoma silikwera lokha amisiri ali ku tchalitchi. Pa pepala la alongo anga, mizere isanu inali ya manja a anthu, pomwe mzere umodzi wokha, wa masiku 7 odikira silabu, unali wa pakalendala. Inde pamafunika wina wothirira silabuyo madzi m'mawa ndi madzulo, koma ameneyo amathirira ngakhale Lamlungu, choncho masikuwo amayenda mosadukiza.

Tinamuimbira kapitawoyo ndipo ndinamufunsa kuti, "A kapitawo, masiku 16 a makomawa, Lamlungu lili momo?" Anayankha kuti ayi, iwo amawerenga masiku amene anyamata awo alipidwa, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, tsiku lathunthu. Basi, nambala yathu yogawira inapezeka: 6.

Ngati pali pangano lolembedwa, liwerengeni pamene likutanthauzira mawu oti tsiku. Mapangano a ntchito zikuluzikulu, monga a FIDIC, amanena kuti tsiku ndi la pakalendala. Choncho pangano likati ntchito ithe m'masiku 90, amenewo ndi masabata 12 ndi masiku 6 a pakalendala, ndipo Lamlungu lililonse lili m'kati momwemo. Kontilakitala amene angaganize kuti ali ndi masiku 90 ogwira ntchito adzapezeka atachedwa ndi masabata awiri iye asakudziwa.

Chachiwiri: gawani, koma zotsala zikhale masiku

Tengani masiku a mzere umodzi, muone kuti nambala yogawira ikulowamo kangati yathunthu. Yankho limenelo ndi masabata. Kenako chulukitsani masabatawo ndi nambala yogawira, muchotse pa masiku munayamba nawo aja. Zotsalazo ndi masiku.

Makoma ndi masiku 16. Mu 16, nambala 6 ikulowamo kawiri. Kawiri 6 ndi 12, ndipo 16 kuchotsa 12 kutsala 4. Ndiye kuti makoma ndi masabata awiri ndi masiku 4. Tinachita chimodzimodzi pa mizere inayo ndipo zinatuluka motere:

Kukumba maziko, masiku 9: sabata imodzi ndi masiku 3
Maziko ndi silabu, masiku 11: sabata imodzi ndi masiku 5
Makoma, masiku 16: masabata awiri ndi masiku 4
Denga, masiku 8: sabata imodzi ndi masiku awiri
Pulasitala, masiku 13: masabata awiri ndi tsiku limodzi

Pali chizindikiro chimodzi chokuuzani nthawi yomweyo kuti mwalakwitsa: zotsala sizingafanane kapena kupitirira nambala yogawira. Mukagawa ndi 6 n'kupeza kuti patsala 6 kapena 7, ndiye kuti muli sabata ina m'katimo imene simunaitulutse.

Apa ndiime pang'ono pa nkhani ya kakyuleta, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaterereka, ngakhale ophunzira bwino. Masiku onse ogwira ntchito pa pepala lija ndi 57. Mukalemba 57 ÷ 6 pafoni, imakupatsani 9.5. Diso limathamangira kuwerenga kuti masabata 9 ndi masiku 5. Si choncho ayi. Nambala ili kuseri kwa kadonthoyo ikunena gawo la sabata, osati masiku, ndipo 0.5 ndi theka. Theka la sabata ya masiku 6 ndi masiku 3. Yankho ndi masabata 9 ndi masiku 3. Onani mwa njira ija: 9 kuchulukitsa ndi 6 ndi 54, ndipo 57 kuchotsa 54 kutsala 3.

Zimachitikanso pogawa ndi 7. Masiku 45 a pakalendala amatuluka 6.43, ndipo munthu amalemba kuti masabata 6 ndi masiku 4, pomwe 6 kuchulukitsa ndi 7 ndi 42, kutsala 3. Choopsa chake n'chakuti nthawi zina kuwerenga kolakwikaku kumagwirizana ndi zoona mwangozi. Alongo anga atagawa 64 ndi 7 anapeza 9.14, anawerenga kuti tsiku limodzi, ndipo linalidi limodzi. Munthu akatero kamodzi amayamba kuikhulupirira njirayo mpaka tsiku limene idzamugwetse. Ine ndimalangiza kuti pa kakyuleta muzitengapo nambala ya kumanzere kwa kadontho yokha, zotsalazo muzipeza pochotsera. Ngati mukufunabe kugwiritsa ntchito ya kuseri kwa kadontho, ichulukitseni ndi nambala yogawira: 0.5 kuchulukitsa ndi 6 ndi 3, ndipo 0.43 kuchulukitsa ndi 7 ndi pafupifupi 3.

Chachitatu: phatikizani masiku kaye, musandutse pamapeto

Kuti mupeze utali wa ntchito yonse, njira yosaphonya ndi kuphatikiza masiku a mtundu umodzi asanasandutsidwe: 9, 11, 16, 8 ndi 13 zikupanga 57, kenako mugawe kamodzi kokha. Mukhozanso kuphatikiza zosandutsidwa kale zija, koma samalani. Masabata ake ndi 1, 1, 2, 1 ndi 2, onse pamodzi 7. Masiku otsala ndi 3, 5, 4, 2 ndi 1, onse pamodzi 15. Masiku 15 amenewa muwagawenso ndi 6, osati 7, chifukwa akadali masiku ogwira ntchito. Akupatsani masabata awiri ndi masiku 3, ndipo mukawonjezera pa 7 aja mwafika pa masabata 9 ndi masiku 3, monga poyamba. Njira ziwirizi zikasiyana mayankho, pali mzere umene mwaphonya, bwererani.

Chimene ndimakana kwambiri ndi chizolowezi chodzaza mzere uliwonse kuti ukhale masabata athunthu. Munthu amaona sabata imodzi ndi masiku 3 n'kunena kuti "tingoti masabata awiri". Mukatero pa mizere yonse isanu mupeza 2, 2, 3, 2 ndi 3, omwe ndi masabata 12. Amenewo ndi masiku 72 ogwira ntchito m'malo mwa 57. Mwawonjezera masiku 15 osadziwa kumene alowera, ndipo ngati mlonda wa pamalopo kapena thanki ya madzi yobwereka mukulipira pa sabata, ndalama zimenezo zapita. Kusiya mpata wa zogwa mwadzidzidzi n'kofunika, koma mpatawo ulembedwe pa mzere wakewake pansi pa ndandanda, aliyense auone ndi kudziwa kukula kwake.

Tsopano masiku 7 a silabu aja. Amenewa ndi a pakalendala, choncho agawidwa ndi 7: sabata imodzi ndendende. Sabata yathunthu ndi yofanana mbali zonse, chifukwa kaya mukuwerenga masiku 6 kapena 7, kuchoka Lachitatu kufika Lachitatu linzake ndi sabata imodzi basi. Ndiye tikuwonjezera sabata imeneyo pa masabata 9 ndi masiku 3, kukhala masabata 10 ndi masiku 3. Akanakhala masiku 10 odikira, sitikanawaphatikiza mophweka chonchi, chifukwa masiku 3 otsalawo akhoza kukhala ndi Lamlungu m'kati kapena ayi, malinga ndi tsiku limene silabu yathiridwa. Zikatero muyenera kuwawerenga ndi chala pa kalendala.

Kuphatikiza konseku kukugwira chifukwa ntchito za pa pepalali zikutsatizana, ina siyamba inzake isanathe. Mafelemu a mawindo ndi zitseko amene alongo anga anaitanitsa kwa owotcherera ku Kalingalinga sitinawaike m'chiwerengerochi, popeza ankapangidwa nthawi yomweyo imene maziko ankamangidwa. Ntchito zoyendera limodzi siziphatikizidwa. Mumangoonetsetsa kuti yapambaliyo ithe isanafunike.

Chachinayi: ikani pa kalendala

Ubwino wonse wosandutsa masiku kukhala masabata uli apa. Sabata yathunthu imakubwezerani pa tsiku lomwelo, choncho pa kalendala mumangotsika mzere umodzi pansi pa sabata iliyonse, kenako n'kuwerenga masiku otsalawo cham'mbali. Simuvutika kuwerenga tinyumba 60 kamodzikamodzi.

Ntchito inayamba Lolemba pa 1 Seputembala 2025. Kutsika mizere khumi kukutifikitsa Lolemba pa 10 Novembala. Apa pali msampha wina waung'ono. Pa 10 Novembala pamenepo masabata khumi atha kale dzulo lake, ndipo Lolembalo ndi tsiku loyamba mwa masiku 3 otsala aja. Choncho timawerenga kuti Lolemba 1, Lachiwiri 2, Lachitatu 3, ndipo tikuima pa 12 Novembala. Amene angalembe 10 kuphatikiza 3 apeza 13, waphonya ndi tsiku limodzi. Lamulo lake ndi ili: ngati tsiku loyambira anthu agwira ntchito, tsikulo ndi nambala 1. Ntchito ya masiku 6 yoyamba Lolemba imatha Loweruka la sabata yomweyo, osati Lolemba linalo. Ndipo zikachitika kuti palibe zotsala, mwachitsanzo masabata 10 ndendende, tsiku lomaliza ndi logwira ntchito lomwe lili kumbuyo kwa pamene mwaimapo, Loweruka pa 8 Novembala.

Kwa masiku odikira n'kosiyana pang'ono. Tsiku lothira konkire siliwerengedwa, kuwerenga kumayamba mawa lake. Silabu yathiridwa Lachiwiri, masiku 7 akwana Lachiwiri linalo. N'chimodzimodzi ndi masiku 28 amene akatswiri amayezera mphamvu ya konkire. Amenewo ndi masabata 4 opanda chotsala, kotero silabu yothiridwa Lachiwiri pa 23 Seputembala ikwanitsa masiku 28 Lachiwiri pa 21 Okutobala.

Chachisanu: yang'anani matchuthi amene agwera m'kati

Kugawa ndi 6 kwachotsa kale Lamlungu lililonse, koma sikudziwa kanthu za matchuthi a dziko. Amenewo muwafufuze nokha pakati pa tsiku loyamba ndi lomaliza. Pa ntchito yathu anali awiri, onse mu Okutobala: pa 18, tsiku la mapemphero a dziko lonse, ndi pa 24, tsiku lokumbukira ufulu umene Zambia inalandira mu 1964. Mu 2025, pa 18 linali Loweruka ndipo pa 24 linali Lachisanu. Onse awiri ndi masiku amene gulu la kapitawo wathu likanagwira ntchito, choncho lililonse likukankha mapeto ndi tsiku limodzi. Masabata 10 ndi masiku 3 akhala masabata 10 ndi masiku 5, ndipo tsiku lomaliza lachoka pa 12 kufika Lachisanu pa 14 Novembala.

Taonani kuti kwa anthu ogwira masiku 5 pa sabata, tchuthi cha pa 18 chija sichikanasintha kanthu, chifukwa Loweruka sagwira kale. Musangowerenga kuchuluka kwa matchuthi, onani tsiku limene agwera. Tchuthi chogwera m'masiku odikira silabu nachonso sichiwerengedwa. Miyezi ina imadya masiku ambiri. Mu Malichi muli pa 8 ndi pa 12, tsiku la amayi ndi la achinyamata. Mu Julayi, Lolemba loyamba ndi Lachiwiri lotsatira ndi matchuthi otsatizana, ndipo Lolemba loyamba la Ogasiti ndi tsiku la alimi. Komanso mufunseni kapitawo ngati anyamata ake amapumadi pa masiku amenewa, popeza olipidwa pa tsiku ena amasankha kubwera. Wathu anati pa 24 palibe amene angabwere, ndipo pa 18 nayenso amapita kukapemphera.

Titapeza tsiku lomaliza, tinayenda mzere ndi mzere kuti gawo lililonse likhale ndi deti lake. Kukumba, sabata imodzi ndi masiku 3, kukuyamba Lolemba pa 1 Seputembala n'kutha Lachitatu pa 10. Maziko ndi silabu akuyamba Lachinayi pa 11. Kutsika mzere umodzi ndi Lachinayi pa 18, ndipo masiku 5 otsala ndi pa 18, 19, 20, kudumpha Lamlungu, kenako 22 ndi 23. Silabu ikuthiridwa Lachiwiri pa 23 Seputembala. Kudikira ndi kuyambira pa 24 mpaka pa 30. Makoma akuyamba Lachitatu pa 1 Okutobala, ndipo masabata awiri akutifikitsa Lachitatu pa 15. Masiku 4 otsala akanakhala pa 15, 16, 17 ndi 18, koma pa 18 ndi tchuthi, pa 19 ndi Lamlungu, choncho makoma akutha Lolemba pa 20. Apa mukuona kuti tchuthi chimodzi chakankha deti ndi masiku awiri chifukwa chagundana ndi Lamlungu. Denga likuyamba pa 21, likudumpha pa 24, n'kutha Lachinayi pa 30 Okutobala. Pulasitala akuyamba Lachisanu pa 31, masabata awiri akutifikitsa Lachisanu pa 14 Novembala, ndipo limenelo ndilo tsiku limodzi lotsala lija.

Njira yachidule inatipatsa 14 Novembala, yoyenda mzere ndi mzere yatipatsanso 14 Novembala. Kugwirizana kumeneku ndiko umboni woti ndandanda ili bwino, ndipo sindipereka deti kwa mwini ntchito ndisanaone kuti ziwirizi zakumana.

Madeti a pakatiwa ndi amene amathandiza pogula zinthu. Alongo anga anadziwa kuti matabwa a denga ochokera ku msika wa Buseko ndi malata ziyenera kukhala zitafika pamalo pofika Lolemba pa 20 Okutobala, ndi kuti simenti ya pulasitala isagulidwe mu Seputembala n'kumangokhala pansi mpaka kuyamba kuuma m'matumba.

Sabata yanu ikakhala ya mtundu wina

Masiku 57 omwewo amasintha utali malinga ndi gulu. Kwa kampani yogwira Lolemba mpaka Lachisanu, gawani ndi 5: ikulowa ka 11, kutsala 2, ndiye masabata 11 ndi masiku awiri. Kakyuleta ionetsa 11.4, ndipo apanso 4 ameneyo si masiku.

Chovutirapo ndi gulu loweruka masana Loweruka, lomwe sabata yake ndi masiku 5 ndi theka. Kugawa ndi 5.5 kumabweretsa zotsala zosokoneza. Ine ndimawerenga masabata awiriawiri, chifukwa masabata awiri otere ndi masiku 11 athunthu. Mu 57, nambala 11 ikulowamo kasanu, komwe ndi 55, kutsala 2. Kasanu masabata awiri ndi masabata 10, ndiye yankho ndi masabata 10 ndi masiku awiri. Zotsala zikapitirira 5 ndi theka, mutulutsemo sabata ina imodzi. Mwachitsanzo zikatsala 8, ndi sabata imodzi ndi masiku awiri ndi theka.

Palinso amisiri a mpingo wa Seventh-day Adventist, amene ndi ambiri mu Lusaka muno. Iwo sagwira Loweruka koma ambiri amagwira Lamlungu. Nambala yogawira ikhoza kukhalabe 6, kungoti tsiku lodumpha pa kalendala ndi Loweruka. Funsani zimenezi poyamba pomwe, osangoganizira.

Kwa amene amagwiritsa ntchito kompyuta

Mu Excel kapena Google Sheets, ikani masiku mu A2. Mzere woyamba pansipa ukupereka masabata, wachiwiri masiku otsala, wachitatu ukulemba zonse pamodzi:

```
=INT(A2/6)
=MOD(A2,6)
="masabata "&INT(A2/6)&", masiku "&MOD(A2,6)
```

Sinthani 6 kukhala 5 kapena 7 malinga ndi mzerewo. Musagwiritse ntchito `ROUND` m'malo mwa `INT`, chifukwa pa 9.5 idzakweza kukhala 10, kenako masiku 3 otsala aja adzawerengedwa kawiri.

Kuti mupeze deti lomaliza, ikani deti loyambira mu B1 ndi matchuthi mu H2 ndi H3:

```
=WORKDAY.INTL(B1-1,A2,11,H2:H3)
```

Nambala 11 ikuuza pulogalamuyo kuti Lamlungu lokha ndilo lopuma. Ikakhala 1 ndiye Loweruka ndi Lamlungu, ikakhala 17 ndiye Loweruka lokha. Tachotsa 1 pa deti loyambira chifukwa pulogalamuyi imayamba kuwerenga mawa lake la deti mwaipatsalo, pomwe ife tikufuna kuti tsiku loyamba likhale nambala 1. Pa ntchito yathu mu A2 mulowe 63, kutanthauza 57 kuphatikiza masiku 6 ogwira ntchito amene akugwera m'sabata yodikira silabu, ndipo yankho lituluka 14 Novembala 2025. Likatuluka nambala yaitali yosamveka, ndiye kuti kabokosiko sikanaikidwe kuti kazionetsa deti. Onetsetsaninso kuti kompyuta sinawerenge 1/9 ngati 9 Januwale, monga zimachitikira pa makompyuta oikidwa kalembedwe ka ku America.

Ogwiritsa ntchito Microsoft Project adziwe kuti ikangoikidwa kumene imatenga tsiku kukhala maola 8 ndi sabata kukhala maola 40, ndiye kuti `1w` ndi masiku 5. Gulu lanu likakhala la masiku 6, sinthani maola a pa sabata akhale 48 ndipo muike Loweruka ngati tsiku la ntchito pa kalendala yake, zonse ziwiri. Masiku odikira konkire alembeni `7ed` kuti aziyenda osadumpha Lamlungu.

Kulemba yankho ndi kulikonza ntchito ikachedwa

Pa pepala limene tinabwezera kapitawo sitinangolemba kuti masabata 10 ndi masiku 5. Tinalemba kuti: masiku 57 ogwira ntchito, Lolemba mpaka Loweruka, kuphatikiza masiku 7 a pakalendala odikira silabu, osagwira pa 18 ndi pa 24 Okutobala, kuyamba Lolemba 1 Seputembala, kutha Lachisanu 14 Novembala. Dzina la tsiku ndimalilemba dala pambali pa deti, chifukwa deti likalakwika dzinalo limaulula msanga. Kapitawo anawerenga, anatsegula kalendala ya pafoni yake, nati, "Amayi, ndi momwemo." Alongo anga anakawauza eni nyumba kuti akhala mpaka kumapeto kwa Novembala.

Pansi pake tinasiya mzere wa mvula, chifukwa mu Lusaka mvula imayamba cha mu Novembala ndipo pulasitala wakunja samatika mvula ikugwa. Tinaikapo masiku 4, olembedwa paokha.

Tsiku likatayika, musawonjezere pa deti mwachindunji. Wonjezerani pa masiku ogwira ntchito, musandutsenso. Tinene kuti mvula yadya masiku awiri pa nthawi ya pulasitala. Masabata 10 ndi masiku 5 akhala masabata 10 ndi masiku 7, ndipo 7 wapitirira 6, choncho titulutsemo sabata: masabata 11 ndi tsiku limodzi. Kutsika mizere 11 kuchokera pa 1 Seputembala ndi Lolemba pa 17 Novembala, ndipo limenelo ndilo tsiku limodzi lotsalalo. Amene angangophatikiza 14 ndi 2 apeza 16, lomwe ndi Lamlungu, tsiku limene pamalopo pamakhala mlonda yekha. Masiku onse 4 a mvula akatayika, ndi masabata 11 ndi masiku 3, ndipo ntchito ikutha Lachitatu pa 19 Novembala.